Kamera yobisika pa thilu: bwana ali ndi ufulu wozonda antchito ake mpaka pati?

Makamera atsika mtengo moti masiku ano ngakhale golosale ya zitseko ziwiri imatha kukhala ndi anayi, ndipo mwini wake amaona zonse pa foni ali kunyumba. Mkangano wake nawonso wafalikira. Mwini sitolo amati katundu ndi wake, ndalama ndi zake, ndipo wosaba alibe choopa. Wogwira ntchito amati iye anabwera kudzagulitsa mphamvu zake ndi nthawi yake, sanabwere kudzagulitsa moyo wake wonse. Onsewa akunena zoona, ndiye chifukwa chake nkhaniyi sithera pa funso lakuti kamera ndi yololedwa kapena ayi. Makhoti amene anaiunika mozama amafunsa za kukula kwa kuzondako: kamera yaloza pati, yajambula masiku angati, waona zithunzizo ndani, ndipo antchito anauzidwa kapena ayi.

Mlandu wina wa ku Spain unayankha mafunsowa limodzi ndi limodzi, ndipo ndi umene titsatire pano.

## Zimene zinachitika ku Sant Celoni

Mu 2009, manijala wa supamaketi ina m'tauni ya Sant Celoni, m'chigawo cha Barcelona, anaona kuti katundu wa m'mashelefu sakugwirizana ndi ndalama zolowa. Shoti ya Febuluwale inali mayuro 7,780. Ya Malichi inakwera kufika 17,971, ya Epulo inali 13,936, ya Meyi 18,009, ndipo ya Juni inafika 24,614. Pa miyezi isanu, mayuro oposa 82,000 anali atasowa.

Pa 15 Juni, manijalayo anaika makamera amitundu iwiri. Ena anali oonekera, oloza pa zitseko zolowera ndi zotulukira, ndipo antchito anauzidwa za amenewa. Ena anali obisika, oloza pa mathilu, ndipo palibe wantchito amene anauzidwa. Patatha masiku 10, zithunzi zinaonetsa makashiya akufufuta malonda amene anali atalowa kale m'makina, akulola anzawo ndi makasitomala ena kutuluka ndi katundu wosalipira, komanso akudzitengera okha. Zithunzizo zinaonedwa ndi manijala, loya wa kampani ndi nthumwi ya bungwe la antchito. Anthu 14 anachotsedwa ntchito.

Asanu mwa iwo anakadandaula kukhoti. Mfundo yawo yaikulu inali yakuti lamulo la ku Spain linkafuna kuti munthu auzidwe ngati akujambulidwa, ndipo iwo sanauzidwe. Makhoti a ku Spain anawakanira. Nkhaniyo inapita ku Khoti la Ufulu wa Anthu la ku Ulaya, lomwe lili ku Strasbourg, ndipo imadziwika ndi dzina lakuti López Ribalda. Mu Januwale 2018 gulu loyamba la oweruza linagamula kuti ufulu wa antchitowo unaphwanyidwa. Boma la Spain litapempha kuti mlanduwo uunikidwenso, gulu lalikulu la oweruza 17 linasintha chigamulocho pa 17 Okutobala 2019. Oweruza 14 anati ufuluwo sunaphwanyidwe, atatu anatsutsa.

Khoti limodzi, nkhani imodzi, mayankho awiri osiyana m'zaka ziwiri. Izi zokha zikusonyeza kuti mlanduwu unali pamalire penipeni, ndipo bwana amene angauwerenge ngati chilolezo chobisa makamera paliponse wauwerenga molakwika.

## Chinsinsi cha munthu pa malo a eni ake

Ambiri amadabwa kumva kuti wantchito ali ndi chinsinsi chilichonse pa malo a bwana. Amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima: wavomera ntchito ya pa thilu, wavomeranso diso la mwini ndalama. Koma chinsinsi chimene malamulo amateteza sichitanthauza kubisa choipa. Chimatanthauza kuti pali zinthu za moyo wa munthu zimene iye yekha ndiye asankhe woti azidziwe. Kashiya amene wakhala pa mpando maola asanu ndi atatu amamwa mankhwala ake pomwepo, amayankha foni ya kusukulu ya mwana wake, amakonza chovala, nthawi zina amalira atalandira uthenga wamaliro. Kasitomala amene waona zimenezi amadutsa ndi kuiwala. Kamera imasunga, ndipo chosungidwa chikhoza kuonedwa kambirimbiri, kukoperedwa ndi kutumizidwa kwa anthu amene sanalipo.

Khoti la ku Strasbourg linagawa malo a ntchito motere. M'zimbudzi ndi m'zipinda zosinthira zovala chitetezo cha chinsinsi ndi chachikulu zedi, moti kujambula kukhoza kuletsedweratu. Mu ofesi yotsekeka chitetezocho chikadali chachikulu. Pamalo poonekera kwa anzako ndi kwa anthu wamba, monga pa thilu, chimachepa ndithu, koma sichitheratu. Ku Sant Celoni makamera obisikawo analoza pamalo a gulu lachitatuli, ndipo zimenezi zinathandiza kampaniyo kwambiri.

## Mafunso asanu ndi limodzi

Muyeso umene oweruza anagwiritsa ntchito unachokera ku mlandu wina wa ku Romania wotchedwa Bărbulescu, umene khoti lomweli linagamula pa 5 Seputembala 2017. Bărbulescu, wodandaula pa mlanduwo, anali injiniya woona za malonda ku Bucharest. Kampani inamuuza kuti atsegule akaunti ya Yahoo Messenger yoyankhira makasitomala, ndipo malamulo a kampaniyo ankaletsa kugwiritsa ntchito zipangizo zake pa zaumwini. Mu Julayi 2007 kampaniyo inajambula mauthenga ake kwa masiku oposa sabata imodzi. Iye atakana kuti sanalembepo zaumwini, anamuonetsa masamba 45 a zimene ankalemberana ndi m'bale wake ndi chibwenzi chake, zina zokhudza thanzi lake ndi za m'chipinda. Anachotsedwa ntchito. Oweruza 11 mwa 17 anagamula kuti makhoti a ku Romania sanateteze ufulu wake. Lamulo la kampani analiphwanyadi, koma sanauzidwe pasadakhale kuti kuzondako kufika pati, makamaka kuti mawu enieni a mauthenga ake akhoza kuwerengedwa. Khotilo linanena kuti malamulo a bwana sangafafanize kotheratu moyo waumwini wa munthu pa ntchito.

M'chigamulo chimenecho munatuluka mafunso asanu ndi limodzi. Kodi wantchito anauzidwa zisanachitike? Kodi kuzondako kunali kwakukulu motani, pa malo, pa nthawi, ndi pa chiwerengero cha anthu oona zotsatira zake? Kodi bwana anali ndi chifukwa chomveka? Kodi panalibe njira ina yosalowerera kwambiri? Kodi zimene zinapezeka zinagwira ntchito yanji pa wantchitoyo? Ndipo kodi panali zomuteteza kuti zinthuzo zisagwiritsidwe ntchito molakwika?

Mafunsowa sayankhidwa ngati mayeso a kusukulu oti ukakhoza anayi wapambana. Amakokana. Kuzonda kukakhala kozama, chifukwa chake chiyenera kukhala cholemera kwambiri. Kuwerenga kuti wantchito watumiza mauthenga angati ndiponso kwa maola angati ndi kopepuka poyerekeza ndi kutsegula mauthengawo n'kuwerenga mawu ake. Chimodzimodzi kamera: yojambula manja ndi kabati ya ndalama ndi yopepuka poyerekeza ndi yojambulanso mawu, chifukwa maikolofoni imatola macheza onse a tsikulo, za matenda, za ngongole, za bungwe la antchito, zomwe sizikhudzana n'komwe ndi shoti.

Mfundo imeneyi akatswiri a malamulo amaitcha kulingana kwa njira ndi cholinga. Msodzi wa kunyanja amaidziwa bwino. Amene akufuna chambo amaponya ukonde wa maso aakulu. Amene waponya neti ya udzudzu amagwiradi chambo, koma amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe sanali kutifuna. Kuzonda kopyola muyeso kumagwira wakuba, koma kumakokololanso zinsinsi za anthu khumi osalakwa.

## Chifukwa chimene kampani ya ku Spain inapulumukira

Pa funso loyamba kampaniyo inalephera poyera, popeza sinauze antchito za makamera obisika pomwe lamulo la dzikolo linkafuna kutero. Oweruza sanabise zimenezi. Anati kuuza anthu ndi chitetezo chachikulu, ndipo chikasowa, mafunso enawo ayenera kuyankhidwa mwamphamvu koposa.

Mayankho enawo ndiwo anali amphamvu. Chifukwa chinalipo ndipo chinali cholembedwa m'manambala a miyezi ingapo makamera asanaikidwe. Malo anali ochepa, mathilu okha. Nthawi inali masiku 10, ndipo kujambula kunaleka akuba atadziwika. Oona zithunzi anali ochepa. Zithunzizo zinagwira ntchito imodzi yokha, yopeza amene ankaba ndi kuwalanga. Ndipo kuwauza antchito kukanaononga cholinga chenichenicho, chifukwa zinkaoneka kuti si munthu mmodzi amene ankaba koma gulu logwirizana.

Pamenepa khotilo linaika mpanda umene anthu ambiri amaudumpha powerenga. Linati kukayikira pang'ono chabe kuti wina akuba sikungalungamitse kamera yobisika. Pafunika kukayikira kokhala ndi maziko, kwa cholakwa chachikulu, ndi kutayika kwa chuma koonekera. Oweruza atatu otsutsa aja anaona kuti ngakhale mpanda umenewu ndi wofooka. Nkhawa yawo inali yakuti bwana amakhala wodandaula, wofufuza ndi woweruza nthawi imodzi, popanda wina wapadera womuuza kuti apa walowerera, pomwe zipangizo zozondera zikunkera kutsika mtengo ndi kukula mphamvu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Wapolisi amene akufuna kusecha nyumba amayamba wakatenga chilolezo kukhoti, koma mwini sitolo amangoitana wokonza magetsi Lamlungu masana.

## Tiyese muyesowu pa sitolo ya mathilu atatu

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira yokhala ndi mathilu atatu ndi antchito khumi ndi awiri, imene sitoko yake yakhala ikuperewera miyezi itatu yotsatizana. Mwini wake akuganiza zobisa kamera.

Ntchito yoyamba ili m'mabuku. Shoti ili ndi magwero ambiri amene si kuba kwa kashiya: katundu wolandiridwa wosakwana koma wosainidwa kuti wakwana, mitengo yolowetsedwa molakwika m'makina, katundu woonongeka amene sanachotsedwe m'kaundula, makasitomala akuba, kapena woyang'anira nyumba yosungira katundu. Mwini sitolo awerenge sitoko ya zinthu zimene zikusowazo tsiku lililonse m'malo mwa pamwezi, kuti adziwe tsiku ndi shifiti imene zimasowa. Kenako atulutse lipoti la makina la malonda ofufutidwa, amene pa makina ambiri amalembedwa kuti VOID, komanso la ndalama zobwezedwa ndi la kabati yotsegulidwa popanda malonda. Ngati thilu imodzi ikufufuta malonda kakhumi kuposa zinzake, ndipo nthawi zonse cha kumadzulo woyang'anira akapita kubanki, ndiye kuti kukayikira kwapeza maziko ndi malo ake. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepa: kufufuta malonda kumayamba kufuna kiyi ya woyang'anira, kashiya aliyense amapatsidwa nambala yakeyake yolowera m'makina, ndipo shoti imaleka.

Ngati sizinaleke, chotsatira ndi kamera yoonekera, yokhala ndi chikwangwani pakhomo ndi kalata kwa wantchito aliyense yonena pamene makamera ali, chimene akufunira, amene adzaone zithunzi ndi masiku amene zidzasungidwe. Kamera yoonekera imaletsa kuba. Yobisika simaletsa, imangogwira wakuba katundu atapita kale. Choncho bwana amene cholinga chake ndi kuteteza katundu wake amapindula kwambiri ndi yoonekera.

Yobisika imabwera pamapeto, ndipo mwini sitolo alembe papepala asanaiike: umboni umene ali nawo, njira zimene wayesa kale, thilu imene akulozetsa, tsiku loyamba ndi tsiku loichotsa, ndi mayina a anthu awiri kapena atatu amene adzaone zithunzi. Maikolofoni izimitsidwe. Pepala limeneli ndi limene lidzasiyanitse kufufuza ndi kusaka munthu, tsiku limene wochotsedwayo adzanene kuti bwana ankangomuda.

Chinthu chimodzi chovuta chimatsala. Kamera yoikidwa chifukwa cha kuba idzaonetsanso kashiya wina, wosaba, akuwodzera kapena akuseweretsa foni. Kumulanga ndi zithunzi zimenezo ndi kusintha cholinga pakati pa njira, ndipo kumagwetsa yankho la funso lachisanu. Chimene chinaloleza kubisako chinali kuba kwakukulu, ndipo kuwodzera sikukanachiloleza.

## Zimene zimalakwika pa makina enieniwo

Umboni wa kamera umaoneka wolimba kuposa mmene ulili. Vuto lofala kwambiri ndi wotchi. Bokosi losungira zithunzi lili ndi wotchi yake, makina a thilu ali ndi yawo, ndipo ziwirizi zimasiyana pang'onopang'ono. Magetsi akamazimazima ndipo kabatire ka m'bokosimo katatha, wotchi ikhoza kubwerera ku tsiku la kufakitale. Kusiyana kwa mphindi zinayi zokha n'kokwanira kuti malonda ofufutidwa ndi kashiya wam'mawa aoneke ngati afufutidwa ndi amene wangomulandira mpando. Njira yodziwira ndi yosavuta: munthu agule chinthu, aonetse lisiti ku kamera, kenako nthawi ya pa lisiti iyerekezedwe ndi ya pa chithunzi. Zimenezi zichitike kufufuza kusanayambe ndiponso kukatha.

Vuto lachiwiri ndi malo osungira. Kamera imodzi yojambula zooneka bwino pa liwiro la mamegabiti 2 pa sekondi imadya pafupifupi magigabaiti 22 pa tsiku. Makamera asanu ndi atatu amadya pafupifupi 173, kotero disiki ya materabaiti 2 imadzaza m'masiku 11 kapena 12 n'kuyamba kufufuta zakale. Bwana amene amawerenga sitoko pamwezi amapeza kuti zithunzi za sabata imene katundu anasowa zinafufutika kale. Ena akazindikira zimenezi amagula disiki yaikulu n'kumasunga za miyezi isanu ndi umodzi, zomwe zimabweretsa vuto lina, chifukwa chilichonse chosungidwa popanda chifukwa ndi chinthu choti tsiku lina chidzatuluka. Njira yabwino ndi kufupikitsa nthawi yowerengera sitoko kuti igwirizane ndi masiku a disiki, n'kumakopera padera kachigawo kokhako kamene kakukhudza mlandu.

Vuto lachitatu ndi la anthu. Amene anaika makamera nthawi zambiri amatsala ndi pasiwedi, ndipo pasiwedi yomweyo imapezeka pa foni ya bwana, ya akazi awo, ya mlamu wawo ndi ya manijala amene anasiya ntchito chaka chatha. Kuchokera pamenepo, kachidutswa ka kanema ka wantchito akusechedwa kapena akugwada kupepesa kamafika m'magulu a WhatsApp tsiku lomwelo. Apa ndi pamene ulemu wa munthu umaonongekera kwambiri, ndipo palibe chifukwa cha chitetezo chimene chingalungamitse zimenezi. Ngakhale amene wabadi, chilango chake ndi kuchotsedwa ntchito kapena kutengeredwa kupolisi. Kumuonetsa kwa dziko lonse ndi chilango china chimene palibe khoti linachipereka, ndipo ngati pambuyo pake zadziwika kuti wotchi ndiyo inalakwa, kanemayo sabwezeka.

## Malamulo a kwathu kuno

Zigamulo za ku Strasbourg sizimanga makhoti a ku Malawi. Zimagwira ntchito m'maiko a ku Ulaya amene anasaina pangano la ufulu wa anthu la kumeneko, kuphatikizapo Britain, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Komabe gawo 11 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limalola makhoti kuyang'ana zigamulo zofanana za maiko ena pomasulira malamulowo, ndipo mfundo zimene zikukokana ndi zomwezo. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu. Gawo 21 limateteza chinsinsi, ndipo limatchula kusechedwa kwa thupi, nyumba kapena katundu, komanso kulowerera mauthenga a munthu. Gawo 31 limapereka ufulu wochitiridwa zachilungamo pa ntchito. Mbali inayo, gawo 28 limateteza katundu wa munthu, ndipo bwana nayenso amaimira pamenepo.

Mu 2024 Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Chithunzi chimene munthu akuzindikirika nacho ndi uthenga wokhudza munthuyo, kotero sitolo yokhala ndi makamera iyenera kudzifunsa mafunso a cholinga, kuchuluka ndi nthawi yosungira. Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo otere mu 2021, ndipo ku South Africa kuli lamulo lotchedwa POPIA la mu 2013.

Mabwana ena amaganiza kuti nkhani yonseyi imatha wantchito akasaina kalata yovomera kuzondedwa mwa njira iliyonse. Siginecha yotere ndi yofooka, chifukwa munthu amene akufuna ntchito sakana pepala limene wapatsidwa tsiku loyamba. Oyang'anira malamulowa ku Ulaya ndi ku Britain akhala akunena kuti chilolezo cha wantchito kwa bwana wake kawirikawiri sichikhala chaufulu, choncho bwana ayenera kukhala ndi chifukwa chimene chingaime pachokha. Mu Febuluwale 2024, ofesi yoona za uthenga wa anthu ku Britain inalamula kampani ya Serco Leisure kuti ileke kugwiritsa ntchito makina ozindikira nkhope ndi zidindo za zala polemba nthawi yofikira ya antchito oposa 2,000. Chifukwa chachikulu chinali chakuti kampaniyo sinaonetse kuti makhadi wamba sakanagwira ntchito yomweyo. Limeneli ndi funso lachinayi lija, la njira yosalowerera kwambiri.

Pomaliza pali nkhani ya kuchotsa ntchito. Gawo 57 la lamulo la zolembana ntchito la ku Malawi la mu 2000 limafuna chifukwa chomveka, ndiponso kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake. Gawo 61 limaika udindo wopereka chifukwacho pa bwana. Kanema sachotsa udindo umenewu. Woganiziridwayo aonetsedwe kachigawo konse, kuyambira kasitomala asanafike mpaka atachoka, pamodzi ndi lipoti la makina la nthawi yomweyo, ndipo afunsidwe kuti afotokoze. Kashiya woika ndalama m'thumba akhoza kukhala akuba, akhozanso kukhala akutenga chenje cha ndalama yake imene anasinthitsa woyang'anira akuona mphindi ziwiri zapitazo, kunja kwa kachidutswa kamene kadulidwa. Bwana amene wadumpha sitepe imeneyi akhoza kugonja ku khoti la zantchito ngakhale ali ndi kanema womveka bwino m'manja.